KUCHOTSA PHOKOSO LA MPHEPO M'MAU OJAMBULIDWA NDI FONI

Anthu okhala m'maboma a m'mbali mwa nyanja amaudziwa bwino mwera, mphepo ija yochokera kum'mwera chakum'mawa imene imaomba m'miyezi yozizira, makamaka Juni, Julayi ndi Ogasiti. Asodzi amauopa chifukwa umagubuduza mabwato. Atolankhani nawonso ali ndi chifukwa chao chouopera, pakuti munthu akhoza kuyenda ulendo wautali kukacheza ndi asodzi pagombe, n'kubwerako ndi mau amene sangaulutsidwe pa wailesi chifukwa mphepo inawakwirira. Masiku ano ambiri amajambula mau ndi foni ya m'manja, ndipo maikolofoni ya foni ilibe chovala choitchinjiriza ku mphepo. Kodi mau otere angapulumutsidwe? Yankho lake n'lakuti ambiri angathe, koma si onse, ndipo luso lagona pa kudziwa amene angatheke ndi amene atayikiratu.

Choyamba n'kumvetsa chimene mphepo imachita. M'kati mwa kabowo ka foni muli kachikopa kakang'ono kopyapyala kamene kamanjenjemera mau akakafika. Mau a munthu amakagwedeza pang'ono chabe, ndiponso mwadongosolo. Koma mphepo ikaomba pakabowo imazungulirazungulira ndi kukakankha mwamphamvu, uku ndi uku, mopanda dongosolo. Foni siidziwa kusiyanitsa, choncho imalemba kukankhako ngati mau. N'chifukwa chake munthu amene anali pagombe amakumbuka kamphepo kayaziyazi, koma pomvera zimene anajambula amamva kugunda konga bingu.

Kunjenjemera kwa mau kumayezedwa powerenga kuti kukuchitika kangati pa sekondi imodzi, ndipo muyeso wake ndi hetsi, umene pa kompyuta umalembedwa Hz. Ng'oma yaikulu imanjenjemera kochepa pa sekondi ndipo liu lake ndi lalikulu, la pansi. Likhweru limanjenjemera kambirimbiri ndipo liu lake ndi la pamwamba. Mphamvu yambiri ya phokoso la mphepo ili pansi, kutsikira pa mahetsi 200. Tsinde la liu la mwamuna limakhala pakati pa mahetsi 85 ndi 180, la mkazi pakati pa 165 ndi 255, koma zimene zimathandiza khutu kuzindikira mau zili pamwamba pa tsindelo. Lamya zakale za mawaya zinkadutsitsa mau a pakati pa mahetsi 300 ndi 3,400 okha, komabe anthu ankamvana. Ndiye kuti mphepo ndi mau zimakhala m'zipinda zosiyana, ngakhale kuti zimakumana pakhomo. Ntchito yonse ndiyo kudula za pansi n'kusiya za pamwamba.

Wina akhoza kuda nkhawa kuti Chichewa chimadalira kukweza ndi kutsitsa liu, monga m'mene mtengo wa m'nkhalango umasiyanirana ndi mtengo wa katundu pamsika. Kodi kudula tsinde la liu sikungasokoneze zimenezi? Sikusokoneza ai. Pamwamba pa tsinde pamakhala timau tina tobwerezabwereza tsindelo kawiri, katatu, kanayi ndi kupitirira, ndipo khutu la munthu limatha kuzindikira kukwera kapena kutsika kwa liu pomva timauto tokha. Chimene chimatayika ndi kulemera kwa liu, osati tanthauzo.

Chitsanzo chake nachi. Mtolankhani wacheza kwa mphindi 6 ndi msodzi wachikulire wa liu lalikulu pagombe la ku Nkhotakota, nkhani yao ili ya mtengo wa usipa, mwera ukuomba. Pofika ku nyumba youlutsira mau, ayenera kusamutsira fayiloyo pa kompyuta monga m'mene ilili, ndi kusunga imodzi pambali yosakhudzidwa, kuti akalakwitsa akhale ndi pobwerera. Pulogalamu imene ambiri amagwiritsa ntchito ndi Audacity, yomwe ndi yaulere. Mafoni ambiri amasunga mau m'fayilo yothera ndi .m4a, ndipo kuti Audacity itsekule fayilo yotere pamafunika kuikamo chothandizira chotchedwa FFmpeg.

Asanakhudze chilichonse, amvere zonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo amvere ndi mahedifoni abwino. Sipika ya foni kapena ya kompyuta yonyamula m'manja siitulutsa mau a pansi, motero imabisa mphepo yambiri, ndipo munthu amanyengedwa kuti zinthu zili bwino. Pomverapo alembe papepala malo a mitundu itatu. Mtundu woyamba ndi kulindima kosalekeza kumene kuli pansi pa nkhani yonse. Wachiwiri ndi malo amene mphepo inaomba mwadzidzidzi kwa masekondi awiri kapena atatu, koma mau a msodzi n'kumamvekabe. Wachitatu ndi malo amene liu lenilenilo linang'ambika n'kumathetheka. Mitundu itatuyi ili ndi mankhwala osiyana.

Kulindima kosalekeza kumachotsedwa ndi sefa yodutsitsa mau a pamwamba, imene pa mndandanda wa Effect imatchedwa High-Pass Filter. Sefayi imafunsa zinthu ziwiri. Pa Frequency munthu amalemba malire amene kudula kuyambire, ndipo pa Roll-off amasankha kuti kudulako kukhale kwakuthwa motani: 6, 12, 24, 36 kapena 48 dB. Muyeso umenewu ndi desibelo, ndipo madesibelo 6 alionse amatsitsa msinkhu wa funde la mau ndi theka. Tsono mtolankhani akasankha nkhani yonse, n'kulemba 100 pa Frequency ndi 24 pa Roll-off, phokoso la pa mahetsi 50 limatsika ndi madesibelo pafupifupi 24, kutanthauza kuti pa magawo 16 patsala gawo limodzi lokha. Liu la msodziyo, limene tsinde lake lili cha pa mahetsi 110, limangopepukako pang'ono. Akadakhala mayi wogulitsa nsomba, malirewo akadakwezedwa mpaka 150 popanda kuononga kanthu, chifukwa tsinde la liu lake lili pamwamba.

Mphepo ikamamvekabe, malire akwezedwe pang'onopang'ono, kuchoka pa 100 kufika pa 120, kenaka 140, akumvera ndi Preview nthawi iliyonse. Chizindikiro chakuti wapitirira ndi ichi: bambo uja wa liu lolemera amayamba kumveka ngati mnyamata wolankhula pa lamya. Pamenepo abwerere m'mbuyo. Kamphepo kochepa kotsala sikalakwika, pakuti kamauza womvera kuti nkhaniyi inachitikiradi kunyanja.

Malo a mtundu wachiwiri ndiwo amafuna kuleza mtima. Mphepo ikaomba mwamphamvu, phokoso lake limakwera n'kulowa m'chipinda cha mau, ndipo malire a 100 sakwanira. Kukweza malire pa nkhani yonse chifukwa cha masekondi ochepawo kungakhale kuononga mphindi 6 zabwino. M'malo mwake mtolankhani asankhe kachigawo kokhako, nagwiritsenso ntchito sefa yomweyo pa mahetsi 200 kapena 250. Liu lidzapyapyala kwa kanthawi, koma mau adzamveka. Posankha kachigawoko ayambire ndi kuthera pamene msodzi wapumira, osati pakati pa liu, chifukwa kusintha kwa pakati pa liu khutu limakugwira msanga, ndipo nthawi zina pamamveka kakuthethera pamalumikizidwe.

Pali chinthu china chimene foni imachita yokha. Mafoni ambiri akamva phokoso lalikulu amadzitsitsira okha mphamvu yojambulira, ndipo potero amatsitsa mphepo pamodzi ndi munthu. Mphepo ikasefedwa, liu limapezeka kuti latsika pamalo amenewo ngati msodzi anasendera kutali. Chokonzera chake ndi Amplify: asankhe malo otsikawo ndi kuwakweza ndi madesibelo 3 kapena 6 mpaka afanane ndi oyandikana nao. Dongosolo lake lisasinthidwe: kusefa poyamba, kukweza pambuyo. Wokweza asanasefe amakweza mphepo yomwe.

Ambiri akaona dzina lakuti Noise Reduction pa mndandanda amathamangira pomwepo, koma kawirikawiri amakhumudwa. Chida chimenechi chimatenga kachitsanzo ka phokoso, n'kumalichotsa paliponse poganiza kuti phokosolo silisintha. Chimathandiza pa phokoso lokhazikika, monga kulira kwa makina opemerera mpweya m'chipinda. Koma mphepo siikhala chimodzimodzi ngakhale kwa masekondi awiri. Pamene yachepa, chidacho chimadya mau a munthu. Pamene yakula, chimaisiya. Zotsatira zake ndi liu lomveka ngati munthu akulankhulira m'madzi kapena m'chitini, ndipo womvera amatopa nalo msanga kuposa m'mene akadatopera ndi mphepo.

Mtundu wachitatu ndiwo wovuta koposa. Mphepo ikakankha kachikopa kaja kupyola pamene foni ingathe kulemba, nsonga za mafunde a mau zimaduka. Munthu akakulitsa chithunzi cha mau pa kompyuta amaona mafunde a mitu yaphwatalala, ngati udzu wometedwa ndi chikwanje. Pamalo otere mau a msodzi sanakwiririke chabe, koma sanalembedwe n'komwe, ndipo sefa singabweze chimene kulibe. Chida cha Clip Fix chimayesa kulumikiza nsonga zodukazo, ndipo chimathandizako ngati kudukako kuli kochepa, koma osati pamene liu lonse lang'ambika.

M'chitsanzo chija, mphepo yotere inagwa pamene msodzi ankatchula mtengo wa ndowa ya usipa. Apa mtolankhani ali ndi njira ziwiri zachilungamo. Akhoza kuchotsa chiganizo chonsecho, muulutsi n'kunena mtengowo m'mau ake, ngati unalembedwa m'kabuku tsiku lomwelo. Kapena akhoza kubwerera kwa mwini nkhani kukafunsanso. Chimene sayenera kuchita ndi kudula liu long'ambikalo n'kulumikiza zotsala, pakuti m'Chichewa kachidutswa kakang'ono konga "si-" kakatayika, "sitikugulitsa" amasanduka "tikugulitsa", ndipo wailesi imanenetsa munthu zimene sananene, anthu a m'mudzi mwake akumva.

Zonse zikatha, mau onse akwezedwe pamodzi ndi Normalize, nsonga yapamwamba ifike pa -1 dB, ndipo asungidwe ngati fayilo ya WAV. Kenaka mtolankhani amvere kawiri, koyamba ndi mahedifoni, kachiwiri pa kawailesi kakang'ono kapena sipika yonga imene omvera ambiri ali nayo m'nyumba zao. Ndi bwinonso kumvetsera mnzake amene sanali kunyanja, chifukwa amene analipo amamva ngakhale mau osamveka, popeza akuwadziwa kale.

Ulendo wotsatira, mtolankhani aime chofulatira mphepo kuti thupi lake litchinge foni, kapena apemphe mwaulemu kuti, "Bambo, tiyeni tikakhale kuseri kwa bwato lija." Foni aiveke sokosi yaubweya kumene kuli kabowo ka maikolofoni, ndipo aiyandikitse pafupifupi chikhatho chimodzi kuchokera pakamwa pa wolankhula. Ajambule masekondi 10 oyesera n'kumvera ndi mahedifoni asanafunse funso loyamba, pakuti mafunde oduka mitu akaoneka pa kompyuta, gombe limakhala lili kale kutali.