Tinkhata ta ulusi pa nsalu yopeta

Mayi akamapanga nkhata yosenzera ndowa, amazenga chitenje kudzanja, kenaka nkusolola dzanjalo uku linalo litagwira nkhatayo kuti isamasuke. Mfundo ya Chifalansa, ija imakhala pakati pa duwa lopeta, imapangidwa chimodzimodzi, kungoti dzanja lake ndi singano.

Tulutsani singano pamwamba pa nsalu, dzanja lamanzere likunge ulusi, ndipo muuzenge kusingano kamodzi kapena kawiri. Lozetsani nsonga pambali penipeni pa bowo lomwe munatulukira, osati m'bowo lomwelo, chifukwa pa nsalu yolukidwa motayana mfundo imangomira nkukatulukira kuseri. Timaulusi tansalu totsala pakati pa mabowo awiriwo ndi timene timaigwira.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Musanakankhe singano, kokani ulusi mpaka zozengazo zitsikire pansalu zitakumbatira singano, ndipo musausiye mpaka utatsala pang'ono kulowa wonse. Mukausiya msanga, pamwamba pa mfundo pamatsala kachingwe kolendewera. Popeza manja onse awiri ali pantchito, nsalu ikhale yokungidwa pamkombero wake.

Ofuna mfundo yaikulu amakonda kuzenga kanayi kapena kasanu. Ine sindivomereza, chifukwa yotereyo imapendekeka. Ulusi wopetera umabwera ndi timinyoti 6. M'malo mwake onjezani timinyotito, nambala yozenga ikhale yomweyo.

Buliyoni ndi nkhata yomweyi, koma yotalika ndi yogona. Tinene kuti mukufuna ya mamilimita 6 ndi timinyoti 3. Tulukani poyambira, lowani pa mtunda wa mamilimita 6, nsonga itulukirenso poyambira paja, singano ikadali m'nsalu. Zengani ulusi kunsongako, mzere uliwonse ugone pambali pa unzake osakwerana, mpaka zozengazo zifanane kutalika ndi mpata uja. Ngati pakwana ka 9, mabuliyoni onse a duwalo akhale a ka 9. Zikachepa, ulusi wapakati umaonekera kumapeto. Zikachuluka buliyoni imapindika, zomwe opeta maluwa a rozi amachita dala. Psinjani zozengazo ndi chala chachikulu, sololani singano, kokerani ulusi chakumene munalowa kuja, muzisalaze ndi nsonga, kenaka mulowe pomwepo.

Singano ikakanirira, mwina mwazenga mothina, koma kawirikawiri vuto ndi diso lake lotupa. Singano ya osoka zipewa ndi yofanana kunenepa kuyambira kudiso mpaka pafupi ndi nsonga, motero imadutsa osasokoneza kanthu. Mukaona timinyoti tikupatukana pozenga, mukupotolola ulusi. Zengani chobwerera kwinako.

Kuseri kwa nsalu, poyamba ndi pomaliza, lowetsani ulusi pansi pa misoko ina. Mfundo zikatalikirana, dulani muyambenso, chifukwa ulusi wautali wakuseri ukakodwa pochapa umakoka mfundo nkukwinyitsa nsalu.