Kuika Zolinga za Gulu ndi Kudziyesa Moona Miyezi Itatu Iliyonse

Kumapeto kwa caka ca 1979, kampani ya Intel ya ku California, m'dziko la Amereka, inali pa mavuto. Kampaniyi imapanga mapulosesa, tizipangizo tating'ono timene timakhala ngati ubongo wa kompyuta. Pulosesa yake yochedwa 8086 inali itatuluka mu 1978, koma kampani ina, Motorola, inabwera ndi yake yochedwa 68000, ndipo makasitomala anayamba kuthawira kumeneko. Andy Grove, amene anali mmodzi wa akuluakulu a Intel, anali ndi njira yake yoikira zolinga. Njirayi lero imadziwika ndi zilembo zitatu, OKR, ndipo tanthauzo lake ndi zolinga pamodzi ndi zotsatira zikuluzikulu. Tiyeni tione mmene inagwirira nchito pa miyezi itatu yokha, Epulo, Meyi ndi Juni wa 1980, monga mmene John Doerr, amene anagwirapo nchito ku Intel, anafotokozera m'buku lake la mu 2018.

Colinga ndi cinthu cimene gulu likufuna kufikapo. Cimalembedwa m'mawu ocepa, ndipo nthawi zambiri mulibe nambala. Zotsatira zikuluzikulu ndizo umboni woti mwafikadi. Zimakhala zitatu, zinayi, zikaculuka zisanu, ndipo ciliconse cimakhala ndi nambala kapena tsiku. Muyeso wa Grove unali wapafupi: nthawi ikatha, munthu azitha kuyankha kuti inde kapena ayi popanda kukangana. Mukalemba kuti "tidzayesetsa kuthandiza makasitomala bwino", palibe amene angakutsutseni ikatha miyezi itatu, cifukwa kuyesetsa sikuwerengeka. N'cifukwa cake mawu otere amakoma kulemba, koma sathandiza.

Colinga ca Intel pa miyezi itatu ija cinali cakuti 8086 ndi tizipangizo togwira nayo nchito tidziwike kuti ndito tamphamvu koposa pa mapulosesa a mtundu wake. Pansi pake analembapo zotsatira zinayi. Coyamba, acite mayeso asanu oyerekeza pulosesa yawo ndi ya opikisana nawo, ndipo awasindikize kuti makasitomala aone. Caciwiri, akonzenso maonekedwe ndi kagulitsidwe ka katundu yense wa 8086. Cacitatu, ayambe kupanga m'fakitale mtundu wothamanga kwambiri wa pulosesayo, wa liwiro la 8 MHz, pakuti woyamba uja unali wa 5 MHz. Cacinayi, atumize kwa makasitomala zitsanzo 500 za kacipangizo kothandiza pa masamu pofika pa 15 Juni. Cotsatira ciliconse cinali ndi mwini wake. Cina cinali ca amalonda, cina ca mainjiniya ndi a kufakitale. Zimenezi n'zofunika, cifukwa nchito yopanda mwini aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye akuisamala.

Tsopano tifike pamene pali nkhani yeniyeni, pa kupereka malikisi. Cotsatira ciliconse cimalandira nambala ya pakati pa 0 ndi 1. Ngati mwakwanitsa zonse, ndi 1.0. Ngati palibe cimene caoneka, ndi 0. Pa mayeso asanu aja anamaliza atatu, ndiye 3 kugawa ndi 5 ndi 0.6. Kukonzanso kagulitsidwe kunatheka konse, anapatsa katunduyo dzina latsopano la iAPX, ndipo analemba 1.0. Pa zitsanzo 500 anatumiza 470, zimene zinawapatsa 0.9. Koma pulosesa yothamanga ija, imene inayenera kuyamba kupangidwa kumayambiriro kwa Meyi, inakanika cifukwa ca vuto la silikoni wopangira, ndipo tsiku linasunthidwa mpaka Okutobala. Apa analemba 0.

Taganizirani za ziro ameneyu. Mainjiniya aja sanangokhala pansi miyezi itatu ayi, anali pa nchitoyo. Pa misonkhano yambiri imene timaidziwa, wina akanaimirira n'kunena kuti, "Akuluakulu, anthuwa avutika, tiwapatseko ngakhale theka." Ndi mawu acifundo, eti, koma amasokoneza funso. Funso silinali lakuti kodi anthu analimbikira. Linali lakuti kodi pulosesayo ikupangidwa m'fakitale. Yankho linali ayi. Kuyamika khama kuli ndi nthawi yake, ndipo mtsogoleri wabwino amayamikadi, koma osati posintha nambala. Akanalemba 0.5, munthu wowerenga lipotilo akanaganiza kuti nchito ili pakati, pomwe kasitomala analibe ngakhale pulosesa imodzi m'manja.

Mukaphatikiza 0.6, 1.0, 0 ndi 0.9 mupeza 2.5, ndipo mukagawa ndi 4 mupeza 0.625. Nambala imeneyi si yoipa. Ku Google, kumene Doerr anakaphunzitsa njirayi mu 1999 kampaniyo ikadali yaing'ono, amagwiritsa nchito mitundu ya magetsi a pamsewu: kuyambira 0.7 mpaka 1.0 ndi wobiriwira, 0.4 mpaka 0.6 ndi wacikasu, 0 mpaka 0.3 ndi wofiira. Ndiye 0.625 ikusonyeza gulu limene layenda ndithu ngakhale silinafike. Koma ine ndimaikayikira nambala yophatikizayi. Imabisa ziro uja. Colinga conse cinali ca mphamvu ndi liwiro, ndipo cotsatira cimene cinalephereka ndico cinali pafupi kwambiri ndi nkhani ya liwiroyo. Kusintha dzina la katundu ndi kupanga pulosesa yothamanga si zinthu zolemera mofanana, ngakhale masamu amaziyesa zofanana. Conco pa msonkhano wounika, musayambe ndi nambala yophatikiza. Werengani cotsatira cimodzicimodzi, ndipo mukhalitse pa cofiira.

Pali kusiyana kwina kumene kuyenera kugwirizanidwa miyezi itatu isanayambe, osati itatha. Zolinga zina ndi malonjezo. Zimenezi ziyenera kukwanira ndendende, 1.0, ndipo zikaperewera pang'ono pamafunika kufotokoza cimene cinacitika. Zina ndi zolinga zodzitambasula, zoikidwa dala patali. Pa zotere, kupeza 0.6 kapena 0.7 kumawerengedwa kuti ndi bwino. Pamene Sundar Pichai ankatsogolera gulu la Chrome, pulogalamu yotsegulira intaneti, anaika colinga ca anthu 20 miliyoni oigwiritsa nchito pa sabata mu 2008, ndipo sanafike. Mu 2009 anaika 50 miliyoni, napeza 38 miliyoni. Mu 2010 anaika 111 miliyoni, ndipo anafika. Kulephera kwa zaka ziwiri kuja sikunali kocititsa manyazi, pakuti onse ankadziwa kuti colingaco n'capatali. Cinyengo cimabwera pamene gulu lalonjeza cinthu, lalephera, kenaka n'kumati, "Aaa, cimene cija cinali congoyesa cabe." Lembani pambali pa colinga ciliconse kuti ndi lonjezo kapena n'codzitambasula, tsiku lomwelo limene mwacilemba.

Nanga mungadziwe bwanji kuti kuunika kwanu kwayamba kunama? Cizindikiro codziwika kwambiri n'cakuti zonse n'zobiriwira nthawi zonse. Gulu limene limapeza 1.0 pa ciliconse miyezi itatu iliyonse, kawirikawiri laphunzira kuika zolinga zimene likudziwa kale kuti lizikwanitsa. Mwina nchito inali itatsala pang'ono kutha pamene ankailemba. Cimene cimabala khalidwe limeneli nthawi zambiri ndi ndalama. Ngati malikisi ndiwo akulamula malipiro kapena kukwezedwa pa nchito, munthu wanzeru aliyense adzaika colinga capafupi, ndipo ziro sadzamulemba ndi dzanja lake. N'cifukwa cake aphunzitsi a njirayi amalangiza kuti nkhani ya malikisi ndi nkhani ya malipiro zikambidwe padera. Munthu angathe kulephera colinga covuta koma n'kukhala kuti wagwira nchito yoposa anzake onse.

Cizindikiro cina n'cakuti nambala yakwana koma colinga sicinasunthe. Tiyerekeze kuti wogulitsa analonjeza kuyendera makasitomala 50, ndipo wayenderadi 50. Pa pepala ndi 1.0. Koma ngati ankangopereka moni n'kumapita, osagulitsa kanthu, ndiye kuti cotsatiraco cinalembedwa molakwika: cinawerenga maulendo m'malo mowerenga malonda. Mnzake amene anayendera 35 n'kupeza makasitomala odalirika angakhale ndi 0.7, koma ndiye wathandiza gulu. Apa nambala payokha siikwanira, pamafunika kuti mwini wake anene maganizo ake ndipo anzake amufunse. Grove ankalangiza kuti muyeso wa kuculuka uziyenda ndi muyeso wa ubwino. Zimene zimacitika mukapanda kutero zinaoneka ku banki ya Wells Fargo, kumene mu 2016 zinadziwika kuti anchito, pofuna kukwanitsa nambala zimene anapatsidwa, ankatsegula maakaunti anthu eni ake osadziwa.

Msonkhano wounika suyenera kukhala nthawi yoyamba kumva kuti zinthu zavuta. Vuto la pulosesa ya Intel linaoneka Meyi atangoyamba, pamene tsiku lopangana linadutsa. Gulu loyenda bwino limayang'ana zotsatira zake sabata iliyonse kapena masabata awiri alionse, kwa mphindi zocepa, ndipo cofiira cimanenedwa nthawi yomweyo. Ngati zinthu zasinthadi pakati pa njira, colinga cingasinthidwe kapena kusiyidwa, koma poyera, onse akudziwa, ndipo cakale cija cisafufutidwe. Kutsitsa nambala mwakacetecete sabata yomaliza kuti igwirizane ndi zimene mwapeza, kumeneko n'kulemba mayankho mutaona kale pepala la aphunzitsi.

Pa tsiku lounikalo, mwini wa cotsatira ndiye ayambe kudzipatsa malikisi, atabweretsa umboni, monga kaundula wa katundu wotumizidwa kapena lipoti la kufakitale. Ndi bwino kuti mtsogoleri ayambe ndi zake zofiira, pakuti wamkulu akabisa zake, wamng'ono sangaulule. Kenaka pa cotsatira ciliconse cosakwanira mufunse cimene cinalepheretsa: kodi colinga cinali cosatheka, kodi zipangizo kapena anthu anacepa, kapena tinkadikira gulu lina limene silinkadziwa n'komwe kuti tikulidikira? Yankho lake ndilo limalamula cocita. Cotsatira cosatha sicingolowa cokha m'miyezi itatu yotsatira. Gulu liyenera kusankha kuti cipitirire ndi tsiku latsopano, cilembedwe mwina, kapena cisiyidwe cifukwa sicikufunikanso.

Ku Intel pulosesa yothamanga ija sanaisiye, anaipatsa tsiku latsopano la Okutobala. Pa caka conse ca 1980 kampaniyo inali ndi colinga coti makasitomala asankhe mapulosesa ake pa zinthu zatsopano 2,000 zimene ankapanga, ndipo caka cikutha anali atapitirira nambalayo. Mu Ogasiti 1981 kampani ya IBM inatulutsa kompyuta yake yaing'ono ya patebulo, ndipo mkati mwake munali 8088, m'bale wake wa 8086.