Kabokosi ka malipiro pa fomu yofunsira ntchito

Kale nkhani ya malipiro inkabwera kumapeto kwa intavyu, mabwana atamuona kale munthu n'kukhutira naye. Masiku ano makampani ambiri ndi mabungwe omwe si aboma amafunsa funsoli pa fomu ya pa intaneti, munthu asanaonekere n'komwe. Kabokosi kake kamalembedwa kuti `Expected salary`, ndipo mafomu ena sapita ngati kasiyidwa kopanda kanthu.

Ambiri amapunthwa chifukwa nambala imene ili m'mutu mwawo ndi ya ndalama zolowa ku banki, pamene olemba ntchito amawerengera malipiro onse asanadulidwe, amene pa fomu amatchedwa `gross`. Tiyerekeze mayi wina wowerengera ndalama ku Lilongwe amene pepala lake la malipiro limasonyeza K900,000 pamwezi. Akachotsa msonkho wa PAYE wopita ku MRA ndi 5 peresenti ya penshoni, amatsala ndi pafupifupi K640,000. Iye akulemba 750,000 pa fomu, mumtima akuti wadzikweza. Kampani ikuwerenga nambalayo ngati malipiro osadulidwa, ikuvomera mosavuta (ingakanirenji?), ndipo mwezi ukatha mayiyo apeza pafupifupi K540,000 ku banki. Wasintha ntchito kuti azilandira zochepa ndi K100,000.

Mayiyu akanayambira pa K900,000 ija, n'kuwonjezapo zimene amapeza pambali, monga alawansi ya nyumba, mafuta a galimoto ndi sikimu ya chipatala ngati ya MASM, chifukwa kumalo atsopanoko mwina kulibe. Akanakumbukiranso kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho malipiro amene mnzake ankalandira pa udindo womwewo zaka zimenezo sangakhale muyezo lero.

Fomu ikapempha malire awiri, wolemba ntchito amayang'anitsitsa nambala yapansi. Wolemba kuti K800,000 mpaka K1,500,000 waulula kale kuti K800,000 angailandire, ndipo mpata waukulu chotero umaonetsa kuti sanafufuze. Kwa mayi uja, K1,000,000 mpaka K1,200,000 ndi malire omveka: yapansiyo ndi ndalama imene angasainire osadandaula. Ngati chilengezo cha ntchito chatchula kale malire a kampani, nambala zake zisatalikirane nawo, pakuti makompyuta ena amasefa mafomu munthu asanawawerenge.

Mawu ang'onoang'ono a pambali pa kabokosi nawonso amapweteketsa. `Per annum` ndi pachaka, ndiye K1,100,000 pamwezi ilembedwe 13200000. Mafomu a mabungwe akunja nthawi zina amafuna madola, ndipo woiwala kusintha `USD` kukhala `MWK` amaoneka ngati akupempha madola mamiliyoni.

Kabokosi kakamalola mawu, munthu atha kulemba malire ake n'kuwonjezera kuti ndi pamwezi, msonkho usanachotsedwe, ndipo mpata wokambirana ulipo. Ena amangolemba 0 kuti fomu idutse, koma olemba ntchito ena amaona ngati kuzemba funso, ndipo akaimba foni amayambira pomwepo.