Kulemba Maminitsi a Nkhani Zokambidwa M'chipinda Chomata

Msonkhano wa bodi ya sukulu, wa SACCO kapena wa khonsolo umatha kukhala ndi magawo awiri. Gawo loyamba ndi la nkhani zimene aliyense wokhudzidwa angamve, ndipo lachiwiri ndi la nkhani zimene mamembala amakambirana atatulutsa alendo. Nkhani zoyenera gawo lachiwirili ndi zochepa: mlandu wa wogwira ntchito, matenda kapena ngongole ya munthu wodziwika dzina, malangizo a loya pa mlandu umene uli kukhoti, ndi mitengo ya ofuna kontirakiti mwini wake asanasankhidwe. Nkhani yongochititsa manyazi atsogoleri, monga ntchito yomanga imene yachedwa, si yachinsinsi.

Mlembi amabisa zimene zinayankhulidwa m'gawo lachiwiri, koma sabisa zoti gawolo linachitika. Maminitsi a poyera ayenera kusonyeza pamene pachotsedwa kanthu, chifukwa chake, ndi kumene kanthuko kasungidwa. Maminitsi amene amalumpha nkhani mwakachetechete amanamiza owerenga, ndipo mkangano ukadzabuka bodi imasowa umboni woti inagamula nkhaniyo pa msonkhano wovomerezeka.

Ntchitoyi imayambira pa ajenda. Mwachitsanzo, bodi ya sukulu ya sekondale ili ndi mfundo 8 zokambirana, ndipo ya nambala 7 ikukhudza kalaliki wolandira fizi amene malisiti ake sakugwirizana ndi ndalama zopita kubanki. Pa ajenda yoperekedwa kwa onse, mfundoyi imalembedwa kuti "7. Nkhani ya wogwira ntchito (yachinsinsi)". Udindo wake sutchulidwa, chifukwa pa sukulu imene ili ndi wolandira fizi mmodzi, kutchula udindo n'chimodzimodzi kutchula dzina. Ndi bwino kuika mfundo yotere kumapeto, kapena pafupi ndi kumapeto, kuti alendo asamatuluke ndi kulowa kangapo. Makhonsolo a ku England amatero: ajenda imagawidwa pawiri, ndipo zifukwa zololedwa zotulutsira anthu zinandandalikidwa m'lamulo lawo la maboma aang'ono la 1972.

Ikafika nthawi, wapampando samangouza alendo kuti atuluke. Membala mmodzi amapempha kuti bodi ikambirane mfundoyo payokha, wina amavomereza pempholo, ndipo bodi imagwirizana alendo akadali m'chipindamo. Zimenezi zimalowa m'maminitsi a poyera motere: "Mfundo 7/2025/7: Bodi inagwirizana zokambirana mfundoyi payokha chifukwa ikukhudza wogwira ntchito. Oimira ophunzira ndi alendo anatuluka 11:20 m'mawa, nabwerera 12:05 masana. Zokambidwa zili m'maminitsi achinsinsi, nambala Z7/2025/1." Nthawi ziwirizi zimathandiza amene adzafufuze m'tsogolo kudziwa kuti ndani anamva chiyani. Ngati wina amene si membala wapemphedwa kutsala, monga wowerengera ndalama wobwera kudzafotokoza malisitiwo, amalembedwa m'maminitsi achinsinsi pamodzi ndi nthawi imene anatuluka. Membala amene ali pachibale ndi kalalikiyo amanena poyera, n'kutuluka, ndipo zimenezonso zimalembedwa.

Maminitsi achinsinsi akhale chikalata chapachokha. Alembi ena amalemba zonse m'chikalata chimodzi, n'kumachotsa ndime yachinsinsi pogawira anthu, koma njira imeneyi imadalira kuti mlembi asadzaiwale ngakhale tsiku limodzi. Chikalata chapaderachi chimakhala ndi tsiku, malo, mayina a amene analipo, ndi nambala yolozera ku mfundo ya m'maminitsi a poyera. Mawu oti ZACHINSINSI amalembedwa pamwamba ndi pansi pa tsamba lililonse, osati pa chikuto pokha, pakuti tsamba lothothoka silitenga chikuto. Masamba amawerengedwa kuti "tsamba 2 mwa 3". Makopenso amapatsidwa manambala: ngati mamembala ali 9, pamatuluka makope 9, aliyense amasainira yake, ndipo mlembi amawatolera msonkhano ukatha. Mabodi ena amasindikiza gawoli pa pepala la mtundu wina kuti lionekere patali likasokonekera m'mulu wa mapepala oyera.

Kukhala achinsinsi sikuwapatsa maminitsiwa ufulu wolemba chilichonse. Kalalikiyo akadzatengera nkhani kukhoti la anthu apantchito, khoti likhoza kulamula kuti maminitsiwo aperekedwe, ndipo mawu aliwonse adzawerengedwa pamaso pake. Choncho mlembi amalemba zimene bodi inaona, monga lipoti la wowerengera ndalama ndi kusiyana kwa malisiti ndi masitetimenti a kubanki, kenako chigamulo. Salemba kuti membala uje anati munthuyo ndi wakuba chiyambire. Ngati bodi yagwirizana zomuimitsa kaye ntchito mpaka atamvedwa mbali yake, maminitsi amanena zomwezo, amene adzamulembere kalata, ndi tsiku lomumvera.

Chigamulo chimafuna kuchiganizira mosamala, chifukwa mbali ina ya icho ndi ya anthu onse. Makolo olipira fizi ayenera kudziwa kuti bodi yalamula kuti mabuku a fizi a matemu awiri aunikidwe ndi munthu wakunja, ndi kuti kuyambira temu yamawa fizi izilipiridwa kubanki kokha. Zimenezi zimalembedwa poyera popanda dzina la munthu. Kuimitsidwa ntchito kwa kalalikiyo kumatsala m'chikalata chachinsinsi.

Chinsinsi chimaululika kawirikawiri pa msonkhano wotsatira. Pa gawo la zochokera m'maminitsi apitawo, membala amafunsa kuti nkhani ya uje ili pati alendo ali pomwepo, ndipo mlembi amalemba funsolo poyera. N'chifukwa chake maminitsi achinsinsi amawerengedwa, kukonzedwa ndi kuvomerezedwa m'gawo lachinsinsi lomwelo, ndipo wapampando amawasaina paokha. Malo ena oyenera kuwaunika ndi mndandanda wa ntchito zogawana kumapeto kwa maminitsi, lipoti la msungichuma, ndi dzina la fayilo ya pakompyuta, limene nthawi zina limatchula munthu amene m'katimo dzina lake labisidwa.

Nthawi zina pamafunika kupereka chikalata chachinsinsi mbali zina zitafufutidwa. Kupaka mzere wakuda pamwamba pa mawu mu Word, n'kusandutsa fayiloyo PDF, sikuchotsa mawuwo. Amakhalabe pansi pa utotowo, ndipo aliyense angawakopere. Kuyesa kwake n'kosavuta: kutsegula PDF ija, kudina Ctrl+A ndi Ctrl+C, n'kumata m'tsamba lopanda kanthu. Mawu obisidwa akatulukira, fayiloyo isaperekedwe. Njira yodalirika ndi kuchotseratu mawuwo pa kope ina, n'kulembapo kuti "ndime yachotsedwa: ikukhudza wogwira ntchito". Pa pepala, mawu opakidwa inki amaonekabe poliyang'anitsa kudzuwa, choncho choperekedwa chikhale fotokope yake. Gulu la WhatsApp la bodi si malo otumizirako maminitsi achinsinsi, chifukwa fayilo imatsala m'foni iliyonse, ngakhale ya membala amene nthawi yake inatha.

Chidindo cha chinsinsi chili ndi malire ake. M'Malawi, lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza mauthenga linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi limene limaliyang'anira. Munthu akapempha maminitsi ku bungwe limene lamuloli limalikhudza, monga khonsolo, kukana kuyenera kutsamira pa chifukwa chimene lamulo likulola, osati pa chidindo cha mlembi. Apa m'pamene chifukwa cholembedwa pa tsiku la msonkhano chimagwira ntchito. Nkhani zinanso chinsinsi chake chimatha: kontirakiti ikasainidwa, dzina la wopambana ndi mtengo wake siziyeneranso kubisidwa. Mlembi amasunga kaundula wa mfundo zachinsinsi, wosonyeza nambala, chifukwa, ndi tsiku lodzaunikanso, ndipo bodi yokha ndi imene imagamula zotulutsa mfundo poyera, chigamulocho n'kulembedwa m'maminitsi a poyera a tsikulo.