Chimathetheka m'chiwaya si mafuta, ndi madzi

Mukaima pa chiwaya cha tchipisi, muzionetsetsa wokazinga akamakhuthulira m'mafuta mbatatesi zongotsuka kumene. Amayamba wayang'ana kumbali, chifukwa akudziwa kuti timadontho totentha tiuluka mbali zonse. Ambiri timati mafuta alusa, komatu mafuta paokha, ngakhale atenthe, amangokhala phee. Amene amayambitsa chipwirikiticho ndi madzi.

Madzi amawira n'kusanduka nthunzi akafika pa madigiri 100. Mafuta okazingira amakhala pa madigiri 170 mpaka 190, ndipo pamenepo amakhala asanayambe n'komwe kuwira. Choncho dontho la madzi likagweramo, limapezeka pamalo otentha kwambiri kuposa pamene lingakhalebe madzi.

Dontholo likadakhala pamwamba, bwenzi likungouma. Koma madzi sasakanikirana ndi mafuta, komanso ndi olemera kuposa mafutawo. Ndiye dontho limamira, mafuta otentha n'kulikuta mbali zonse, ndipo limasanduka nthunzi lili pansi.

Vuto lagona pa kukula kwa nthunziyo. Madzi akasanduka nthunzi amafuna malo ochuluka pafupifupi ka 1,700 kuposa poyamba. Tiyerekeze kuti pa mbatatesi zija patsalira madzi odzaza supuni yaing'ono, mamililita 5. Madzi amenewo amatulutsa nthunzi yoposa malita 8, yosakwana m'chigubu cha malita 5. Nthunziyo imabadwa m'kanthawi kochepa, ndipo njira yake yotulukira ndi imodzi yokha, kumwamba. Pokwera imakankha mafuta amene ali pamwamba pake n'kuwamwaza. Mafuta omwazikawo ndi amene amatisiyira matuza pamkono.

Khutu limatha kusiyanitsa. Madzi a m'kati mwa mbatatesi amatuluka pang'onopang'ono, n'chifukwa chake timamva kaphokoso kosalekeza ndi kuona tithovu ting'onoting'ono. Kaphokosoko kakayamba kuchepa, ndiye kuti kunja kwa tchipisi kwauma. Koma kuphulika kwa apo ndi apo kumasonyeza madzi a pamwamba pa chakudya amene alowa onse nthawi imodzi. Nkhuku yochokera m'firiji isanasungunuke imaopsa kwambiri, chifukwa madzi oundana amasungunukira pansi pa mafuta.

Motero mukatsuka mbatatesi kapena chambo, dikirani madzi akhe, kenako pukutani ndi kansalu koyera. Ikani pang'onopang'ono, motsetsereza kuchokera m'mphepete, ndipo mafuta asapitirire theka la poto kuti thovu lipeze pokwera.

Mafuta akagwira moto, musathire madzi ngakhale pang'ono. Madziwo amamira, n'kusanduka nthunzi, ndipo nthunziyo imamwaza mafuta oyaka mpaka kudenga. Zimitsani chitofu ngati n'kotheka, vundikirani poto ndi chivundikiro chachitsulo kuti moto usowe mpweya, ndipo musamunyamule kapena kumuvundukula mpaka atazizira. Auzeninso ana onse amene amathandiza kuphika pakhomo panu.