Maikolofoni ikasuzumira m'chithunzi

Mukuonera filimu, nkhani yafika pokoma. Bambo wakhala pampando akudzudzula mwana wake wamkazi, mwanayo misozi ili lengelenge. Mwadzidzidzi pamwamba pa chithunzi patulukira kanthu kakuda, kotalika ngati chitsononkho, kakusuzumira kenako n'kubwerera. Mwina sikaoneka n'komwe, koma pakhoma padutsa chithunzithunzi chonga ndodo. Pamenepo mtima wanu wachoka pa bambo ndi mwana uja. Mwakumbutsidwa kuti m'chipindamo muli anthu ena ambiri, ndipo mmodzi waimirira pambali atakweza manja.

Kanthu kaja ndi maikolofoni yomangidwa kunsonga ya ndodo yaitali, imene ojambula mafilimu amaitcha bumu. Mmodzi mwa anthu amene amatchulidwa kuti anayambitsa njirayi ndi Dorothy Arzner, amene mu 1929 anatsogolera filimu ya The Wild Party ku America. Mafilimu olankhula anali atangoyamba kumene, ndipo maikolofoni zinkabisidwa pamalo amodzi, wosewera n'kumakakamizika kuima pomwepo. Arzner anamangitsa maikolofoni ku ndodo yowedzera nsomba kuti izitsatira Clara Bow kulikonse kumene wasunthira. Ndodo za lero n'zopepuka komanso zimatalikitsidwa, koma ntchito yake ndi yomweyo, ndipo wina amene alibe ndalama amaigwira bwinobwino ndi nsungwi.

Wina angafunse kuti bwanji osangoikweza kutali, pomwe kamera singaione? Chifukwa chake n'chakuti mawu amachepa mphamvu msanga kwambiri. Mukachulukitsa kawiri mtunda wa pakati pa kamwa ndi maikolofoni, mawu amatsika ndi madesibelo pafupifupi 6, pomwe kulira kwa tambala, phokoso la chigayo ndi kubwereza kwa mawu m'makoma sikutsika ayi. Maikolofoni imene ili theka la mita pamwamba pa mutu imagwira mawu odzaza. Ikakwera kufika mamita awiri, munthu amamveka ngati akulankhulira m'chitsime. N'chifukwa chake wogwira bumu waluso amaiyendetsa pafupi penipeni ndi malire a chithunzi, mwina masentimita ochepa chabe. Kusuzumira kuja sikubwera chifukwa cha ulesi nthawi zonse. Munthuyo amayenera kugwira ntchito m'mphepete mwa phompho, ndipo dzanja likatopa pang'ono kapena kamera ikadzuka pang'ono, walowa.

Pali mafilimu akale amene bumu imaonekamo popanda wolakwa. Ambiri ankajambulidwa pa chithunzi chachitali cha muyeso wa 1.37:1, koma m'nyumba zoonetsera kanema ankachiphimba pamwamba ndi pansi kuti chikhale 1.85:1. Gawo lophimbidwalo linali pafupifupi limodzi mwa magawo anayi a msinkhu wa chithunzi, ndipo wojambula ankadziwa kuti maikolofoni ikhoza kukhala mmenemo osaoneka. Filimu ija ikadzaonetsedwa pa wailesi yakanema ya 4:3 chophimbacho chitachotsedwa, maikolofoni inkangoti mbee. Phunziro lake likadalipo lero: anthu onse pamalo ojambulira agwirizane kuti malire enieni a chithunzi ndi ati.

Kugwirizanako kumachitika kamera isanayambe kujambula. Wogwira bumu amatsitsa maikolofoni pang'onopang'ono mpaka wojambula anene kuti yalowa, kenako amaikweza mpaka amve kuti yatuluka. Akatero amayang'ana kuseri kwa nsonga ya maikolofoni n'kusankha chizindikiro, kaya msomali wa pakhoma kapena mzere wa pamwamba pa chitseko, chimene azidziwira kuti apa ndiye polekezera. Ena amamata kachidutswa ka tepi yowala kunsongako kuti wojambula aione msanga ikalowa. Galasi la kamera likasinthidwa, malire asinthanso, ndiye kuyeza kuyambirenso. Wogwira bumu amayeneranso kudziwa sewero lonse pamtima, chifukwa wosewera akaimirira kamera imadzuka naye, ndipo maikolofoni iyenera kukhala itakwera kale.

Chithunzithunzi ndiye chovuta kuposa maikolofoni yeniyeniyo, chifukwa chimatha kulowa ngakhale ndodo ili kunja kwa chithunzi. Chimagwera mbali yotalikirana ndi nyale. Ngati nyale yaikulu ili kumanzere kwa kamera ndipo wogwira bumu waimanso kumanzere komweko, ndodo ili pakati pa nyale ndi wosewera, ndipo chithunzithunzi chidzagwera pamphumi pake kapena pakhoma la kumbuyo. Choyamba kuchita n'kusamukira mbali inayo, kuti ndodo ibwere moyang'anana ndi kuwala. Chachiwiri n'kusuntha osewera kuti atalikirane ndi khoma, pakuti nyale ikakhala m'mwamba chithunzithunzi chimatsetserekera pansi kuseri kwawo. Chachitatu n'kuika nsalu yakuda yokungidwa pawaya kutsogolo kwa nyale, kuti idule kuwala kumene kukupita kumtunda kwa khoma. Pamene sipakufika kuwala kwa nyaleyo sipangakhalenso chithunzithunzi chake. Nyale yaing'ono yowala kwambiri imatulutsa chithunzithunzi chakuthwa, koma kuwala kodutsa pansalu yoyera kumachifafaniza.

Panja, dzuwa likakhala paliwombo, ndodo iliyonse yodutsa pamutu imalemba mzere pankhope kapena paphewa. Apa ena amatembenuza bumu n'kuilowetsa chapansi, maikolofoni italoza m'mwamba kuchokera pamimba pa wosewera. Njirayi imathandiza, koma mawu amalemerako chifukwa akuchokera pachifuwa, ndiponso maikolofoni yoloza kumwamba imagwira mbalame ndi ndege.

Nanga ikalowa kale, osewera atabalalika? Tiyeni tibwerere kwa bambo ndi mwana wake uja. Tinene kuti kamera inali itakhazikika pa miyendo yake itatu osasuntha, ikujambula zithunzi 25 pa sekondi, chilichonse cha timadontho 1920 m'lifupi ndi 1080 mu msinkhu. Maikolofoni yasuzumira kwa masekondi awiri, kutanthauza zithunzi 50, ndipo pamene yalowa kwambiri yatsika timadontho 60.

Njira yachidule ndi kukulitsa chithunzi kuti maikolofoni itulukire kunja. Msinkhu woyera umene watsala ndi 1020, ndiye 1080 ÷ 1020 = 1.059. Mu Premiere Pro mkonzi amaika Scale pa 106, mu DaVinci Resolve amaika Zoom pa 1.06, kenako amakankhira chithunzi m'mwamba ndi Position mpaka m'munsi mwake mulingane ndi malire. Akapanda kukankha, kukulitsako kumadula pamwamba ndi pansi mofanana, ndipo amafunika kufika pa 112.5 kuti achotse timadontho 60 tomweto. Kukulitsa kwa 106 ambiri sakuona, koma kukapitirira chithunzi chimayamba kufewa, mutu wa bambo n'kugunda malire a pamwamba. Kukulitsako kuikidwe pa chidutswa chonse, osati pa masekondi awiri okhawo, apo ayi woonera aona chithunzi chikudumpha. Amene anajambula pa 3840 ndi 2160 koma akutulutsa pa 1920 ndi 1080 ali ndi mwayi, chifukwa akhoza kukulitsa mpaka kawiri chithunzi chisanafewe.

Njira yabwino kuposa iyi ndi kuika chigamba. Popeza kamera sinasunthe, khoma la pamwamba pa mutu wa bambo n'limodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mkonzi amatenga masekondi awiri ena a chidutswa chomwecho pamene maikolofoni inali kunja, n'kuwasanjika pamwamba pa malo olakwikawo. Kenako amajambula mzere wozungulira malo a maikolofoni okhawo, chida chimene pakompyuta chimalembedwa kuti Mask, kuti khoma loyera lionekere pamenepo basi, kwina konse kukhale mmene kunalili. M'mphepete mwa chigambacho amafewetsamo kuti msoko usaoneke. Chigamba chikhale cha kanema woyenda, osati chithunzi chimodzi choumitsidwa. Kanema aliyense ali ndi timchenga tosaoneka bwino timene timanyiririka nthawi zonse, makamaka m'malo a mdima, ndipo chigamba chouma chimaoneka ngati pepala lomatidwa pagalasi. Ngati chikuchotsedwa ndi chithunzithunzi, chigamba chikule kuposa mmene diso likuonera, chifukwa m'mbali mwake mumazilala pang'onopang'ono, ndipo chigamba chothina chimasiya mkombero wotuwa. Poyesa ngati zatheka, mkonzi amawalitsa chithunzi mopitirira dala n'kuchionera chikuyenda. Msoko umene unabisala umatulukira pomwepo.

Chigamba chili ndi malire ake. Kamera ikakhala ya m'manja, khoma limasuntha, ndiye chigamba chiyenera kutsatira kusunthako chithunzi ndi chithunzi. Mtambo ukadutsa kuwala kwa pazenera n'kusintha, chigamba chimasiyana mtundu ndi khoma. Masamba a mtengo ogwedezeka ndi mphepo salumikizana. Bambo akaimirira mutu wake n'kukumana ndi maikolofoni, wina ayenera kudula mozungulira tsitsi pa zithunzi zonse 50. Chithunzithunzi chikagwera pankhope yolankhula, palibe nkhope ina yoyera yoti mukatengeko chigamba, ndipo nthawi zambiri chanzeru n'kudula n'kuonetsa nkhope ya mwana amene akumvetsera, mawu a bambo akupitirira.

N'chifukwa chake ojambula odziwa ntchito ali ndi chizolowezi chimodzi chotsika mtengo. Akamaliza chidutswa, kamera isanakhudzidwe ndiponso nyale zisanazimitsidwe, amauza osewera ndi wogwira bumu kuti atuluke, n'kujambula malo opanda munthu kwa masekondi khumi. Ndi masekondi amenewo m'manja, chidutswa chojambulidwa patali chikhoza kuloledwa kuti maikolofoni ilowe dala mpaka pafupi ndi mutu, mawu agwidwe odzaza, bola isadutse kutsogolo kapena kuseri kwa munthu, ndipo mkonzi adzaifufuta osavutika. Koma zimenezi zigwirizanidwe pamalopo, mkonzi adziwitsidwe.

Ndipo amene waona maikolofoni italowa, kaya ndi wojambula kaya ndi wonyamula nyale, anene chidutswacho chikangotha, osewera akadali m'zovala zawo. Kubwereza kumatenga mphindi zochepa. Kukakhala kukhala chete, wina adzakhala usiku wonse pakompyuta akudula mozungulira tsitsi la bambo uja, chithunzi chimodzichimodzi mpaka 50.