Kalata yofunsira ntchito ya ulangizi: lembani za kumunda

Mnyamata kapena mtsikana amene wangomaliza kumene maphunziro a zaulimi ku Bunda kapena ku NRC, akaona chidziwitso chakuti pulojekiti ina yotukula anthu akumudzi ikufuna alangizi, mtima umathamangira ku digiri kapena dipuloma yake. Ndiye kalata yonse imadzaza ndi mayina a maphunziro: za nthaka, za tizilombo, za mbewu. Vuto ndi lakuti anzake onse a m'kalasi alembanso zomwezo, ndipo zonsezo zili kale pa sivii. Woŵerenga makalatawo akufuna kudziwa china: kodi munthuyu tingamutumize kumudzi yekha, alimi n'kumumvera?

Kalata yotereyi kuno kwathu imalembedwa m'Chingerezi, ndipo tsamba limodzi limakwana. Pamwamba pamakhala dzina la ntchito monga lalembedwera m'chidziwitso, ndime yoyamba n'kunena mwachidule sukulu, chaka chomaliza ndi kumene munaona chidziwitsocho. Izi sizivuta. Pamene ambiri amagwa mphwayi ndi pa ndime yachiwiri, poti amaganiza kuti alibe chonena popeza sanalembedwepo ntchito.

Chonena chilipo. Tiyerekeze mtsikana amene ali pasukulu anatumizidwa kukaphunzira ntchito ku ofesi ya zaulimi ya dera, imene timangoitcha EPA. M'malo molemba kuti "ndimadziwa kugwira ntchito ndi alimi", afotokoze kuti anathandiza mlangizi wa m'deralo ndi alimi otsogola awiri kukhazikitsa munda wachionetsero wa chimanga. Kuti anabzala mwa njira ya Sasakawa, mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi paphando. Ndiponso kuti amayendera mundawo sabata iliyonse kufufuza mbozi. Mawu ochepawa akuuza woŵerenga kuti mtsikanayu anagwirapo chingwe chobzalira, ndipo akudziwa kuti kabzalidweka kamapereka mapesi oposa 53,000 pa hekitala.

Koma chiganizo chimene ine ndimachiyang'ana kwambiri ndi cha chimene chinavuta. Mwina alimi anakana kubzala njere imodzi, poopa kuti ikapanda kumera phando likhala lopanda kanthu, komanso poona kuti mapando achuluka, ntchito yakula. Mtsikanayu akalemba kuti anagwirizana nawo kugawa munda pawiri, mbali ina mwa njira yawo yakale, kuti adzaone okha pokolola, waonetsa luso lenileni la ulangizi. Mlimi amene walima munda wake zaka 30 sasintha chifukwa mwana wa ku koleji wanena. Ndiye chenjerani ndi mawu akuti mukufuna "kukaphunzitsa alimi osadziwa". Olemba ntchito ambiri anakhalapo alangizi, ndipo mawu otere amawauza kuti munthuyu akakangana ndi mafumu ndi makalabu mwezi usanathe.

Zonsezi zigwirizane ndi zimene pulojekitiyo ikuchita. Ngati chidziwitso chikunena za ulimi wamthirira, nkhani ya chimanga chamvula ifupikitsidwe, mutsogoze zimene munachita kudimba kapena pa sikimu. Ngati chikunena za soya ndi mtedza, nenani za kubzala mizere iwiri pamzere umodzi ndi kugulitsa pagulu. Kalata imodzi yotumiza paliponse imadziwika msanga, ndipo kaŵirikaŵiri imadziulula yokha ndi dzina la bungwe lina limene wolemba anaiwala kufufuta.

Pali zinthu ziwiri zimene achinyamata amaziona zazing'ono, chonsecho kwa wolemba ntchito n'zazikulu. Choyamba ndi njinga yamoto. Midzi ya mlangizi mmodzi imakhala yotalikirana, misewu yake ya matope m'dzinja, choncho ngati muli ndi laisensi, nenani. Ngati mulibe, nenani kuti mukuikonza, pokhapokha zili zoona. Chachiwiri ndi chiyankhulo. Ntchito ya ku Mzimba kapena ku Rumphi imafuna Chitumbuka, ya ku Mangochi Chiyao chimathandiza kwambiri. Lembani chimene mungachititsire msonkhano pansi pa mtengo, osati chimene mumangopatsira moni.

Kukokomeza ndiko kumagwetsa ambiri pa tsiku la mafunso. Wolemba kuti ndi katswiri wa manyowa a Mbeya adzafunsidwa zimene amasakaniza ndi masiku owasunga. Akalephera kutchula gaga, phulusa, ndowe, feteleza ndi masiku 21, ofunsawo amayamba kukayikira ndime zina zonse. Kuli bwino kulemba kuti munathandizira kupanga kamodzi, n'kudziwa bwino kapangidwe kake.

Ndime yomaliza ikhale ya mizere iwiri kapena itatu: kuti ndinu wokonzeka kukhala kudera komweko, tsiku limene mungayambe, ndi nambala ya foni imene imapezeka nthawi zonse. Mlangizi amene anakuyang'anirani ku EPA mupempheni msanga kuti adzakuikireni umboni, ndipo mumuonetse kalatayo musanaitumize, kuti akadzaimbiridwa foni adzanene zofanana ndi zimene mwalemba.